Dzina Limodzi, Mtundu Umodzi: Galimoto ndi Yunifomu za Kampani Yaing'ono Yonyamula Katundu

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu]

Lero tikulankhula makamaka ndi inu amene muli ndi kampani yaing'ono yonyamula makalata ndi katundu wa anthu, kaya muli ndi njinga zamoto ziwiri zokha, kaya mwafika pogulako kagalimoto. Nkhani yathu ndi ya zolemba pagalimoto, zolemba pabokosi la njinga, ndi yunifomu ya antchito anu. Mfundo imene ndikufuna kuti tiyende nayo mpaka kumapeto ndi imodzi: pa ntchito yonyamula katundu, chimene chimakupezerani chikhulupiriro cha anthu ndi kufanana kwa zinthu zimenezi, ndipo kufananako kumaposa kukongola kwake. Njinga, galimoto, malaya ndi lisiti zikamanena chinthu chimodzi, mu mtundu umodzi, pamalo amodzimodzi, kasitomala amakuzindikirani musanatsegule pakamwa. Zikamasiyana, ngakhale chilichonse chitakhala chokongola pachokha, ndalama yanu yapita pachabe. Ndifotokoza chifukwa chake, ndionetsa mmene kusiyanako kumalowera, kenako tiyankha madandaulo amene eni makampani otere amakhala nawo.

Tiyambe ndi kuona kusiyana kwa ntchito yanu ndi ya wagolosale. Wagolosale ali pamalo amodzi, ndipo akakugulitsani sopo woipa mukudziwa kokamupeza mawa. Wonyamula katundu amafika pageti ali mlendo, napempha kuti mumupatse foni yatsopano, ziphaso za sukulu kapena mankhwala a wodwala, ndipo pakapita mphindi ziwiri wasowa pakati pa njinga zina mazanamazana. Amene akupereka katunduyo nthawi zambiri si amene adakambirana nanu pafoni. Ndi mlonda, ndi mtsikana wothandiza pakhomo, ndi kalaliki wapakhomo la ofesi amene wangouzidwa kuti kubwera munthu. Munthu ameneyu alibe nthawi yofufuza. Amayang'ana zinthu zitatu kapena zinayi: dzina limene wauzidwa, dzina lili pabokosi, malaya a wafikayo, ndi dzina lili palisiti. Ngati pali zolipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, dzina lotuluka pafoni limakhala umboni wachisanu. Zonsezi zikagwirizana, katundu amaperekedwa mosavuta. Chimodzi chikasemphana, mlonda amaimbira abwana ake, abwanawo ali pamsonkhano, wanjinga wanu waima padzuwa mphindi khumi ndi zisanu, ndipo makasitomala atatu otsatira alandira katundu wawo mochedwa. Choncho kufanana kumene tikunenaku kuli ngati chiphaso chimene chimawerengedwa patali.

Makampani akuluakulu a ntchito imeneyi amatipatsa umboni. Kampani ya UPS ya ku America, imene idayamba mu 1907, yakhala ikugwiritsa ntchito mtundu wa bulawuni pa galimoto zake kwa zaka zoposa 100, ndipo antchito ake amavalanso bulawuni, mtundu umene ambiri sangausankhe pofuna kukongola. DHL, imene galimoto zake timaziona m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, idatenga chikasu kuphatikiza pa kufiira kwake itagulidwa ndi kampani ya Deutsche Post ya ku Germany mu 2002, ndipo lero mwana amene sadziwa kuwerenga atha kuloza galimoto yake ili patali. Wina anganene kuti amenewo ndi makampani a ndalama zambiri, ife sitingafanane nawo. N'zoona kuti sitingafanane nawo pa chuma, koma taonani chimene chawapangitsa kudziwika. Mitundu yawo ndi iwiri yokha, zolemba zawo ndi zochepa, ndipo sasintha chaka ndi chaka. Zimenezi zimafuna mwambo kuposa ndalama. Kunena zoona, kampani yaing'ono ndiyo imafunika mwambo umenewu kwambiri, chifukwa ili ndi njinga zochepa. Munthu wa ku Kawale amene waona njinga yanu Lolemba ndi ina Lachinayi ayenera kudziwa kuti ndi za kampani imodzi. Ngati ziwirizo zikusiyana, waona makampani awiri osadziwika, aliyense kamodzi kokha, ndipo sakumbukira ngakhale imodzi.

Tsopano tiyerekeze kampani ya mu Lilongwe imene ili ndi galimoto imodzi yoyera ya Probox, njinga zamoto zinayi, ndi antchito asanu ndi awiri. Mwini wake adasankha mtundu wabuluu ataukonda pafoni yake. Adapita kwa wosindikiza masitika ku tauni n'kunena kuti akufuna buluu, ndipo adapatsidwa buluu wa mpukutu umene udalipo tsikulo. Mabokosi a njinga adapangitsa kwa owotcherera ku Mchesi, amene adapaka penti yabuluu imene adaipeza m'sitolo. Malaya adasoketsa kwa telala, ndipo patapita miyezi inayi, atalemba antchito ena awiri, nsalu ija idali itatha pamsika, telala n'kugula ina yoyandikira. Pamapeto pake kampaniyo ili ndi mabuluu anayi kapena asanu, ndipo palibe amene adachita chinyengo. Gwero la vutoli ndi lakuti mawu akuti buluu amatchula mitundu yambirimbiri, komanso chinthu chilichonse chimapanga mtundu m'njira yakeyake. Foni imaupanga ndi kuwala, makina osindikizira amaupanga posakaniza inki zinayi, penti ili ndi ufa wake wa utoto, ndipo nsalu imamwa utoto kufakitale. Buluu wowala amene mumamuona pafoni nthawi zambiri amatuluka wozimirira kapena wopendekera ku pepo akasindikizidwa. Ndiye kutumiza chithunzi pafoni n'kunena kuti mundipangire chonchi ndi njira yotsimikizika yopezera mitundu yosiyana.

Mankhwala ake ndi kuyambira kumene kuli kovuta. Mwa zinthu zitatu, nsalu, sitika ndi penti, penti ndiyo yosavuta chifukwa osakaniza penti ya galimoto atha kuilondoletsa ku chitsanzo chilichonse. Masitika odulidwa kumpukutu amabwera m'mitundu yowerengeka imene ili ndi manambala ake. Nsalu ndiyo yovuta, chifukwa kampani ya antchito asanu ndi awiri singalamule fakitale kuti iinyikire utoto wakewake. Choncho pitani kaye kwa ogulitsa nsalu za yunifomu, ndipo funsani mitundu imene imapezeka chaka chonse, monga ija imene masukulu ndi makwaya amagula nthawi zonse. Sankhani umodzi, dulitsani kachidutswa, mupite nako kwa wosindikiza, ndipo muyerekeze ndi mipukutu yake muli panja pa kuwala kwa tsiku, chifukwa mitundu iwiri imene ikuoneka yofanana pansi pa babu itha kusiyana padzuwa. Mukapeza sitika yoyandikira kwambiri, lembani dzina la kampani yoipanga ndi nambala ya mtunduwo. Kenako tengani kachidutswa ka sitikayo kwa wosakaniza penti, apake pa kachitsulo, kaume, muyerekezenso. Zitsanzo zitatuzi muzisunge mu envelopu m'kabati momwe dzuwa silifika. Mtundu waukulu ukhale umodzi, ndi wina wa zilembo wosiyana nawo kwambiri, monga zoyera pa buluu wakuda kapena zakuda pa chikasu. Kumbukiraninso kuti zofiira ndi mitundu yonyezimira kwambiri zimafulumira kusuluka padzuwa, ndipo pewani kuphatikiza mitundu imene anthu amaidziwa kale kuti ndi ya kampani ina kapena ya chipani.

Zonse mwasankhazi zilembedwe papepala limodzi, ndipo pepala limeneli ndilo lamulo la kampani pa nkhani ya maonekedwe. Likhale ndi dzina lolembedwa mwa njira imodzi yokha, lofanana ndi lomwe lili pa chiphaso chanu cha bizinesi ndi pa laisensi ya MACRA, bungwe limene limapereka chilolezo cha ntchito yonyamula makalata ndi maphukusi m'dziko muno. Musalole kuti pagalimoto dzina likhale lathunthu, pabokosi lofupikitsidwa, palisiti lina. Likhale ndi nambala ya foni imodzi, ya kampani, osati ya wanjinga, chifukwa wanjinga akachoka amapita ndi makasitomala onse amene adasunga nambala yake. Likhale ndi dzina la kalembedwe ka zilembo, manambala a mitundu, ndi miyeso ya pamene chinthu chilichonse chimakhala. Chinanso chofunika ndi fayilo ya chizindikiro chanu. Amene adakujambulirani akupatseni fayilo yoyambirira, ya mizere imene imakula popanda kuwonongeka, monga SVG, EPS kapena PDF yopangidwa ndi mizere, osati chithunzi cha JPG chotumizidwa pa WhatsApp. Chithunzi chotere chikakulitsidwa chimaoneka ngati masitepe m'mbali mwa zilembo, ndiye wosindikiza amangojambulanso mwa nzeru zake, ndipo apo ndi pamene chizindikiro chimayambira kusintha nkhope. Fayiloyo ndi katundu wa kampani. Isungeni malo awiri.

[Nyimbo pang'ono]

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za mmene kampani yaing'ono yonyamula katundu ingapangire kuti galimoto, njinga ndi yunifomu zake zizioneka za banja limodzi. Tabwera tsopano pa kukula kwa zilembo. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso umene amagwiritsa ntchito: pa mamita atatu alionse a mtunda, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka kuti chiwerengeke mosavutikira. Ndiye ngati mukufuna kuti munthu amene ali tsidya lina la msewu, pa mamita 18, awerenge dzina la pa Probox ija, zilembo zikhale za masentimita 15. Nambala ya foni ya masentimita 10 iwerengeka pa mamita 12. Ganiziraninso za liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, kotero woima m'mbali mwa msewu ali ndi masekondi awiri kapena atatu okha. Pa nthawi imeneyo angawerenge dzina, ndi mawu awiri kapena atatu onena ntchito yanu, basi. Mndandanda wa maboma onse amene mumafikako, mawu a chilimbikitso, adiresi ya ofesi ndi manambala atatu a foni zimangochepetsa malo a dzinalo. Nambala ya foni malo ake enieni ndi kumbuyo, chifukwa amene ali pambuyo panu pa mzere wa galimoto ndiye ali ndi nthawi yoikopera. Manambala athu ali ndi madijiti 10, choncho agaweni m'magulu atatu kuti diso liwagwire. Musanadulitse kanthu, matani mapepala a muyeso womwewo pagalimoto, muime patali, ndipo mutsegule zitseko kuti muone ngati chilembo sichikugwera pa mpata wa chitseko kapena pa chogwirira.

Bokosi la njinga ndilo chikwangwani chachikulu cha kampani yotere, chifukwa njinga zinayi zimaonedwa ndi anthu ambiri kuposa galimoto imodzi. Titenge bokosi la masentimita 45 m'lifupi. Mukasiya mpata m'mbali zonse, mwatsala ndi masentimita 40. Madijiti 10 ndi mipata iwiri pa malo amenewa zikutanthauza kuti dijiti iliyonse itenga pafupifupi masentimita atatu ndi theka m'lifupi, ndipo italika masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Mwa muyeso uja, nambalayo iwerengeka pa mamita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, umene ndi mtunda wa galimoto yotsatira pa mzere. Apa mukuona kuti dzina lalitali ndi mdani wa bokosi. Ngati lanu lili ndi mawu atatu, sankhani lero mmene lidzagawidwire m'mizere iwiri, ndipo ligawidwe choncho paliponse, pagalimoto ndi pamalaya pomwe. Kasanjidwe kakhale kamodzi: dzina pamwamba, ntchito pakati, foni pansi. Mabokosi onse anayi akhale a muyeso umodzi, ndipo pangitsani chitsanzo cha katoni chokhala ndi mabowo kuti aliyense womata aziika zilembo pamalo omwewo. Pomaliza, bokosi lililonse likhale ndi nambala yake yaikulu pakona, 1 mpaka 4. Nambala imeneyi ndiyo chinthu chokhacho chololedwa kusiyana, ndipo tiona ntchito yake posachedwa.

Masitika nawo ali m'magulu, ndipo kusadziwa zimenezi kumawononga kufanana pakapita chaka. Pali otsika mtengo amene adapangidwira zikwangwani za kanthawi, ndipo padzuwa amakhala chaka chimodzi kufika zitatu. Pali apakati amene pa chitsulo chosalala amatha zaka pafupifupi zisanu. Pali okwera mtengo, opyapyala, amene amatsata makwinya a galimoto ndipo amakhalitsa kuposa onsewa. Dzuwa la mu Okutobala limafupikitsa zaka zimenezi, makamaka pamwamba pa boneti ndi pa chivundikiro cha bokosi. Kwa kampani yathu ija, zilembo zodulidwa ku sitika yapakati n'zokwanira, bola zonse zichokere ku gulu limodzi, chifukwa mukasakaniza, njinga ina idzasuluka inzake ikadali yowala. Sitika yotsika imadziulula yokha: imakhwinyata n'kusiya mzere wa guluu wakuda ndi fumbi kuzungulira chilembo, kenako imang'aluka. Kamatidwe nakonso kali ndi malamulo. Tsukani ndi sopo, pukutani ndi sipiriti kuti mafuta ndi polishi zichoke, ndipo matani pamthunzi chitsulo chisanatenthe. Penti yatsopano ipatsidwe masabata angapo, chifukwa ikadali kutulutsa mpweya umene umadzutsa matuza pansi pa sitika. Mukamata, padutse masiku awiri musanatsuke, ndipo otsuka galimoto asalozetse madzi amphamvu m'mphepete mwa zilembo. Mabokosi ena a pulasitiki yoterera ngati ya zigubu samagwira guluu wamba, ndipo pamenepo ndi bwino kumata zilembo pa kachitsulo kopyapyala n'kukakhomera pabokosi. Musaphimbe nambala ya galimoto, magetsi, zonyezimira za chitetezo kapena magalasi amene dalaivala amaonera, ndipo ngati mukusintha mtundu wa galimoto yonse, yambani mwafunsa ku ofesi ya Road Traffic chifukwa mtundu udalembedwa m'mapepala a galimotoyo.

Pa yunifomu, cholakwika chofala ndi kuika dzina pa chovala chimene sichioneka. Mwini kampani amagula malaya okongola, koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi wanjinga amavala jekete lake lapakaunjika pamwamba, nthawi zina lolembedwa dzina la kampani ina ya kunja. M'nyengo ya dzinja amavala chovala cha mvula cha mtundu uliwonse. Ndiye kwa miyezi yambiri pachaka yunifomu yanu ili mkati, kasitomala sakuiona. Lamulo lake ndi lakuti dzina likhale pa chovala chakunja. Njira yotsika mtengo ndi kachovala konyezimira kopanda manja kamene anjinga amavala kale pofuna chitetezo. Gulani tofanana, totakasuka kuti tizikwana pamwamba pa jekete, ndipo dzina lisindikizidwe pachifuwa ndi kumsana chakumtunda, pakati pa mapewa, chifukwa kumunsi kumabisika ndi bokosi. Zilembo zisaphimbe mizere yonyezimira. Pa malaya, wantchito wa masiku asanu ndi limodzi pa sabata amafunika atatu: ovala, ochapa ndi oyanika. Mukampatsa amodzi, Lachitatu adzabwera ndi malaya akunyumba, ndipo simungamudzudzule. Antchito asanu ndi awiri ndiye kuti malaya 21. Onjezani asanu ndi amodzi osungira olembedwa ntchito mtsogolo, akwana 27. Malaya a manja aafupi amadya pafupifupi mita imodzi ndi theka ya nsalu yotambalala, ndiye mukufunika mamita pafupifupi 40. Gulani onse nthawi imodzi, kumpukutu umodzi, chifukwa ngakhale nsalu ya dzina limodzi imasiyana pang'ono ikanyikidwa pa nthawi zosiyana.

Njira yoikira dzina pansalu iyenderane ndi ntchito ya chovalacho. Kupeta ndi ulusi kumakhalitsa ndipo kumayenera kachizindikiro kapachifuwa, koma zilembo zochepera theka la sentimita zimasanduka mfundo za ulusi zosawerengeka, komanso singano imaboola chovala cha mvula n'kuyamba kulowetsa madzi. Kusindikiza ndi inki kudzera pa sefa kumayenera zilembo zazikulu zakumsana, ndipo mtengo wake umatsika mukasindikiza zambiri nthawi imodzi. Zilembo zomata ndi moto n'zabwino pa zovala zochepa, koma zimasweka ndi kumatuka zikachapidwa mokhula pamwala kapena simbi ikadutsa pamwamba pake, choncho auzeni antchito kuti azichapa ndi kusita atatembenuza. Nsalu yosakaniza poliyesita ndi thonje imasunga mtundu kuposa thonje lokhalokha. Chipewa choteteza mutu musachipake penti, chifukwa mankhwala a mu penti zina amafooketsa pulasitiki yake. Gulani zipewa za mtundu umodzi, zoyera mwachitsanzo, n'kumatapo kachizindikiro kakang'ono. Ndipo wantchito aliyense akhale ndi chiphaso cha chithunzi chake, dzina lake, ndi tsiku limene chiphasocho chidzathere ntchito.

[Nyimbo pang'ono]

Tiyeni tsopano timve madandaulo. Loyamba ndi la ndalama: mafuta akwera, matayala akufunika, ndiye za mitundu zidikire. Dandaulo limeneli lili ndi nzeru, ndipo sindikuuzani kuti mukongole ndalama yokutira galimoto yonse ndi zithunzi. Probox yoyera isiyeni yoyera, muikepo mzere umodzi wa mtundu wanu ndi zilembo, ndipo yafanana kale ndi njinga. Koma onani kumene ndalama imatayikira. Kampani ya mabuluu asanu ija idalipira wosindikiza, wopenta ndi telala ndalama yomweyo imene ikadalipira kuti zinthu zifanane. Kusankha nsalu poyamba, kusunga zitsanzo ndi kulemba pepala limodzi sikufuna ndalama ina iliyonse. Ngati thumba ndi lochepa, tsatani ndondomeko iyi: yambani ndi tizovala tonyezimira ndi mabokosi onse nthawi imodzi, kenako galimoto, malaya pomaliza. Ndi bwino njinga zonse zinayi zikhale ndi zochepa zofanana kusiyana ndi kuti imodzi ikhale yokongola kwambiri zitatu zili zopanda kanthu.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera: bokosi lolembedwa limauza akuba kuti muno muli katundu, ndipo yunifomu itha kubedwa kapena kusokedwa ndi wachinyengo. Mbali yoyamba ili ndi choona chake, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kulemba pagalimoto kuti mumanyamula mafoni, makompyuta kapena ndalama. Komabe bokosi lalikulu kumbuyo kwa njinga limadziwika ntchito yake ngakhale lisalembedwe. Chimene chimateteza katundu ndi loko, kusasiya njinga payokha, ndi kusayenda usiku ndi katundu wodula. Kulemba kumathandizanso mbali ina, chifukwa njinga yodziwika ikaonedwa ndi munthu wachilendo anthu amadabwa. Pa za achinyengo, taganizirani kampani imene anjinga ake amavala chilichonse. Kumeneko wakuba safunika ngakhale kusoka yunifomu, amangotchula dzina pageti. Kampani ya maonekedwe amodzi imamukakamiza kupeza malaya, bokosi, chiphaso ndi lisiti zonse pamodzi. Onjezani apo uthenga wapafoni wouza kasitomala dzina la wanjinga ndi nambala ya bokosi lake asanafike, ndipo nambala ija yapakona yagwira ntchito yake. Koma zimenezi zimayenda pokhapokha yunifomu ikuwerengedwa ngati katundu wa kampani. Aliyense asainire zimene walandira, abweze pochoka, ndipo zovala zakutha zidulidwe chizindikiro zisanatayidwe kapena kupatsidwa kwa wina. Pogulitsa galimoto kapena njinga, matulani masitika onse, chifukwa dzina lanu likapita ndi mwini watsopano, zochita zake zidzawerengedwa kwa inu.

Dandaulo lachitatu limachokera kwa amene amabwereka akabaza a njinga zawozawo, ndi amene amaopa kuti wanjinga wosasamala adzaipitsa dzina. Kwa oyambawo, yankho ndi kuika dzina pa zinthu zochotseka zimene ndi zanu: bokosi lomangirira ndi kachovala konyezimira, zotengedwa m'mawa ndi kubwezedwa madzulo. Thanki ya njinga ya mwini musaimate kanthu, chifukwa madzulo adzanyamula anthu ndi dzina lanu. Pagalimoto yobwereka ena amagwiritsa ntchito zikwangwani za maginito, koma zimafuna chitsulo chosalala, ndipo ziyenera kumachotsedwa ndi kupukutidwa pansi pake kuti fumbi ndi chinyezi zisawononge penti. Kwa oopa wanjinga wosasamala, n'zoona kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Wanjinga wodutsa pa roboti yofiira ndi bokosi lanu akulengeza kampani yanu moipa. Koma walira mvula walira matope. Simungafune kudziwika pa zabwino zokha. Ndiponso wanjinga ameneyo akanayendetsa moipa ngakhale bokosi likanakhala losalembedwa, kungoti inu simukadamva. Ndi dzina, foni ndi nambala ya bokosi, wodandaula amakuuzani kuti ndi njinga nambala 3, pa msewu wa ku Kanengo, nthawi yakuti, ndipo mumakonza vutolo lisanafike pa ngozi.

Dandaulo lomaliza ndi la amene amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chofunika ndi kufikitsa katundu pa nthawi yake. Ndikugwirizana nawo kotheratu, ndipo palibe yunifomu imene ingapulumutse kampani yotaya katundu wa anthu. Koma funso ndi lakuti, mukagwira ntchito yabwino, mbiriyo ikupita kwa ndani? Mayi wa ku Chinsapo amene walandira phukusi lake lili bwinobwino, mnzake akamufunsa amene adabweretsa, ayenera kukhala ndi dzina ndi mtundu woti atchule. Akangoti anali mnyamata wina wa njinga, thukuta lanu lapindulira aliyense wokhala ndi njinga. Kufanana ndiko kumasonkhanitsa ntchito zabwino zonse za antchito asanu ndi awiri pa dzina limodzi.

Choncho omvera, pempho langa ndi ili. Sabata ino, m'mawa umodzi ntchito isanayambe, imikani njinga zanu zonse ndi galimoto pamzere, antchito aime pambali pake atavala monga amavalira tsiku lililonse. Bwererani mamita 15, muyang'ane ngati mlonda amene sakukudziwani. Werengani mitundu imene mukuiona, kalembedwe ka dzina, ndi manambala a foni. Ngati pa chilichonse mwapeza zoposa chimodzi, yambani ndi kachidutswa ka nsalu ndi pepala limodzi lija. Muzibwereza kuyendera kumeneku mwezi uliwonse muli ndi envelopu ya zitsanzo m'manja, ndipo chimene chasuluka kapena kumatuka chisinthidwe chisanafike pamaso pa kasitomala. Anthu akukupatsani katundu wawo asanakudziweni, ndiye apatseni njira yokuzindikirirani.

[Nyimbo yotsekera pulogalamu]